Bafa Losasambamo Munthu

Dzina loti Zaalendo mayiwa sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi mwana wawo yemwe, akadali wamng'ono. Mnzake wina wosewera naye anamufunsa chifukwa chomwe kwawo ankamwera tiyi m'makapu a pulasitiki osuluka pamene kabati ya pabalaza inali yodzaza makapu a maluwa. Mwanayo anagwira m'chiuno, n'kukweza mphuno monga ankachitira mayi ake, n'kukuwa kuti, "Zimenezo n'za alendo!" Azimayi ena omwe ankachapa panja anamva, ndipo pofika madzulo dzinalo linali litafika kumapeto kwa msewu.

Kunena zoona, m'nyumba imeneyi zinthu zinali m'magulu awiri: zabwino, ndi zomwe eni nyumba ankagwiritsa ntchito. Sofa anakalamba ali mu pulasitiki yake ya kusitolo. Mabulangeti ofewa ankagona pamwamba pa kabati, anthu n'kumafunda otha. Mayi Zaalendo anali telala wa makatani, ndipo theka la mawindo a m'dera lonselo linavala ntchito ya manja awo, koma pamawindo awo pankalendewera zidutswa zolumikiza. Makatani enieni anali m'sutikesi, kudikira alendo.

Vuto linali loti alendowo sankafika. Anthu ankabwera ndithu, koma aliyense akalowa mayi ankamuyeza ndi maso n'kupeza kuti waperewera. M'bale si mlendo. Woyandikana naye nyumba si mlendo. Makasitomala ndi anthu a ntchito chabe. Akazi a abusa anatsala pang'ono kukhoza, moti mayi anafika pogwira chitseko cha kabati, koma kenaka anakumbukira kuti mayiwo amabwera pafupipafupi, ndiye nawonso anamwera m'kapu ya pulasitiki.

Amuna awo anthu ankangowatchula kuti a Dalaivala. Anayendetsa mabasi mpaka bondo lakumanzere linatha ndi kupondaponda, n'kupuma ntchito. Anali munthu wofatsa. Pamsewu anaphunzira kuti chilole chikamabwera pakati pa msewu, wanzeru amapatukira kumbali, ndipo m'banja anayenda ndi lamulo lomwelo.

Mwana uja anakula, anapeza ntchito kutali, n'kukwatira mphunzitsi wa pasukulu yogonera komweko. Ankabwera kudzaona makolo, mphatso zili m'manja. Ankadya, kucheza, kuseka pang'ono. Koma dzuwa likangopendeka, makiyi a galimoto ankayamba kulira m'thumba la mwanayo, ndipo awiriwo ankatsanzika n'kukagona ku loji ya m'tauni. Chikwatirire, mwanayo anali asanagonepo m'nyumba ya mayi ake. Izi zinkawapweteka Mayi Zaalendo kuposa mmene akanavomerera, makamaka anzawo akawafunsa mwachifundo chonamizira kuti, "Ana anagona bwanji?"

Anaganiza mozama, n'kupeza wolakwa: bafa. Bafa la panyumbapo linali kuseri, pambali pa chimbudzi, kanyumba ka simenti yoterera ndi chitseko cha lata chotsekera ndi msomali wopinda. Munthu ankapita ndi ndowa yake. Mayi anatsimikiza kuti mpongozi wawo, ndi zikhadabo zake zopaka utoto zija, ndiye ankakana ndowa n'kumukokera mwana wawo ku loji.

Choncho anasoka makatani mpaka maso anayamba kufuna magalasi, ndipo anamangitsa chipinda chatsopano chokhala ndi bafa lakelake. Bafa lake linali bafa! Matailosi oyera mpaka m'mwamba, sinki, chimbudzi chogejemula, kalilole, ndi shawa yotulutsa madzi otentha. Pansi panapendekera pang'ono ku kona, pomwe panali kachitsulo ka timabowo totulukira madzi osamba. Kachitsulo kameneka n'komwe kanawakhumudwitsa mayi, chifukwa kankaoneka ngati diso la nkhanu pakati pa ukhondo wonsewo. Anagula maluwa a pulasitiki a m'kamphika ka miyendo n'kuwakhazika pamwamba pake. Anapachika mathaulo awiri atsopano, anaika sopo wosamasula, n'kukiya chitseko.

"Ine bondo langali likanakonda madzi otenthawo," anatero a Dalaivala, maso ali kudenga ngati akulankhula ndi malata.

"Bondo lanulo ndi mlendo?" anafunsa mayi.

Loweruka lililonse ankalowamo okha, nsapato atavula pakhomo. Ankatsuka chimbudzi n'kugejemula, ankatsegula mpopi wa pasinki n'kupukuta, koma pansi ankangodutsitsa kansanza kofinya kwambiri. Madzi, iwo ankati, amadetsa mizere ya pakati pa matailosi. Akatha ankaima pakhomo n'kumaonerera, ngati munthu woonerera mwana ali m'tulo. Ana aja anachedwa kubwera, ntchito zitawachuluka, ndipo chipindacho chinadikira kupitirira chaka chili mbee, chikununkhira utoto.

Tsiku lina mayi atafika kushopu anapeza kuti aiwala tepi yoyezera. Anabwerera kunyumba, ndipo asanatsegule geti anamva nyimbo. Munthu ankaimba ndi mtima wonse, mawu okuluwika a munthu amene madzi akumugwera pamutu. Analowa monyang'ama. Kiyi, yemwe ankabisa m'chitini cha mabatani, anali pachitseko. Nthunzi inkatuluka pansi pa chitsekocho.

A Dalaivala anatuluka atadzikulunga chithaulo chawo chakale, maluwa a pulasitiki ali m'manja, akukonzekera kuwabwezera pamalo pake. Ataona akazi awo, nyimbo inathera pakhosi.

"Munayamba liti?"

"Ndi lero lokha."

"Bambo inu, munayamba liti?"

"Chabwino. Chichokereni amisiri aja."

Zinadziwika kuti mayi akangotuluka m'mawa, bambowa ankasamba mwaufulu, kenaka n'kugwada ndi bondo lawo lodwalalo, kupukuta tailosi iliyonse ndi malaya akale mpaka kuuma. Sopo ankabwera ndi wawo. Mayi sanawayamikire pa ukhondo umenewu. Analankhula mpaka mpunga wa oyandikana nawo unapserera, mwini wake ali pampanda kumvetsera. Kuyambira tsiku limenelo kiyi anasamukira pachingwe cha m'khosi mwa mayi, ndipo a Dalaivala anabwerera ku ndowa.

Inali nyengo yotentha, yoti chovala ukachiyanika chimauma usanamalize kuyanika chinzake. Mkati mwa nyengo yomweyo mwana anaimba foni: sukulu zikatsekera abwera, ndipo popeza amayi akakamira, adzaona chipindacho. Mayi Zaalendo anatsitsa sutikesi. Makatani enieni anaona dzuwa koyamba.

Patapita masabata angapo, Loweruka lina, anatsegula chitseko cha bafa n'kubwerera m'mbuyo ngati wina wawakankha pachifuwa. Fungo lake silinali lofunsa kuti n'chiyani. Linali fungo la chimbudzi chodzaza, losakanikirana ndi la dzira lovunda, ndipo linali litakhazikika m'chipindamo ngati ndilo linalipira amisiri.

Woyamba kuganiziridwa anali a Dalaivala.

"Mwasulitsa kiyi wina."

"Ndi miyendo iti yopitira kwa osula makiyi?"

"Nanga amene walowa muno ndani?"

"Ine sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'choti nthawi yomwe ndinkasambamo, munalibe fungo."

"Mukufuna kunena kuti thupi lanulo ndi pefyumu?"

A Dalaivala anapatukira kumbali.

Mayi anagwada n'kununkhiza chimbudzi. Chinali choyera, madzi ali m'malo mwake. Anathiramo mankhwala onse omwe sitolo inali nawo, a buluu, obiriwira, ndi ena oyabwa m'maso, mpaka chimbudzicho chinayera kuposa mbale za m'kabati. Fungo linangosintha zovala n'kubweranso. Anaganiza za khoswe wofera kudenga, n'kuitana mmisiri wa denga, yemwe anatsika ndi fumbi m'tsitsi ndi chisa chakale cha mbalame basi. Anapita kukaima pampanda n'kufunsa oyandikana nawo, mokweza ndithu, kuti dzenje la chimbudzi chawo anapopetsa liti. Anayankhidwa mokwezanso, ndipo moni wa m'mawa anathera pomwepo.

Anapopera pefyumu. Zinangokhala ngati munthu wosasamba wavala suti. Anasiya zenera lotsegula usana wonse kuti mphepo ichotse fungolo, koma akatseka madzulo linkadzuka m'mawa lili ndi mphamvu zatsopano. Mphemvu zinayamba kuoneka pamatailosi, zazikulu, zoyenda mosathamanga. Mayi ankazipha n'kupukuta malowo ndi kansanza kouma. Maluwa a pulasitiki aja ankawasuntha popukuta n'kuwabwezera msanga, osayang'ana n'komwe kachitsulo konyansa kaja. Chinthu chomwe munthu wasankha kuti asachione, sachiona ndithu.

Mlungu womwe ana ankabwera, a Dalaivala anaterereka m'bafa la kuseri. Ndowa inapita kwake, iwo kwawo. Bondo linatupa ngati mutu wa mwana, ndipo anayamba kuyenda ndi ndodo ya tsache lakale. Mayi anawathowa ndi madzi otentha, chifukwa sanali munthu wouma mtima, koma pakamwa sipanapume.

"Mumasamba ngati mukuthamangitsidwa. Mwasankhiranji sabata ino kugwa?"

Mantha awo enieni anali kwina. Ankaona kale mpongozi wawo akulowa m'chipindamo, mphuno ikukwinyika, kenaka makiyi a galimoto akulira. Zaka zonse za makatani, maso onse omwe anathera pa singano, kudzagonja kwa fungo losaoneka! M'mawa wa tsikulo anapopera botolo lathunthu la pefyumu, anatseka chitseko cha bafa, n'kutsekera thaulo lakale pampata wa pansi pake. Anapemphera kuti anawo afike atatopa.

Anafika masana, osatopa. Mwana anaona ndodo ya tsache n'kufunsa.

"Ndinangoterereka pang'ono," anatero a Dalaivala. "Ukalamba."

Atadya, mayi anavula chingwe m'khosi n'kutsogolera ulendo. Chipinda chinayamikiridwa: bedi, mabulangeti ofewa, makatani. Mpongozi anasisita nsalu ya katani n'kunena kuti sanaonepo msoko wowongoka chotero, ndipo mtima wa mayi unayamba kutsika. Kenaka mtsikanayo anaona thaulo pansi pa chitseko, analikankha ndi phazi, n'kutsegula.

Fungo linawalonjera onse mofanana. Mwana anatsokomola. Mayi anayamba kulankhula mothamanga za oyandikana nawo, anthu auve, dzenje lawo, ndi kuti nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu.

Koma mpongozi sanathawe. Anavula nsapato, analowa, n'kuyamba kununkhiza ngati munthu wofunafuna pomwe pakupserera. Anadutsa chimbudzi, anadutsa sinki, n'kuima pakona. Ananyamula maluwa a pulasitiki n'kuwaika pazenera. Anawerama, n'kuwalitsa tochi ya foni m'timabowo tija.

"Mwauma gwa," anatero. "Amayi, ndibwerekeniko ndowa."

"Ndowa ya chiyani, mwanawe?"

Mwamuna wake anabwera nayo, ndowa yomwe ija ya kuseri, yophwanyika pakamwa chigwereni a Dalaivala. Mpongozi anaidzaza pampopi, ndipo mayi akuonerera, anakhuthulira madziwo pakonapo. Ena anamwazikira pamatailosi, n'kuyenderera m'mizere yoyera ija.

"Kusukulu kwathu zimenezi n'za chaka ndi chaka," anatero mpongozi akupukuta manja pasiketi. "Ana akapita kutchuthi chachitali, mabafa a kumahositelo amanunkha chonchi. Tsiku lotsegulira timangoyenda ndi ndowa, bowo ndi bowo. Pansi pa kachitsuloka paipi yake ndi yokhota, amayi, ndipo pokhotapo pamayenera kukhala madzi nthawi zonse. Madziwo ndiye chitseko. Amatseka mpweya wa m'mapaipi a zimbudzi kuti usakwere. Mukapanda kuthiramo kanthu, madzi aja amauma pang'onopang'ono, makamaka kukatentha chonchi, ndiye njira imatseguka. Fungo, mphemvu, zonse zimadzera pomwepa."

"Ndiye kuti si oyandikana nawo?" anafunsa mwana.

"Paipi imeneyi imakakumana ndi ya chimbudzi cha kuseri chija. Fungoli ndi la pakhomo pano."

Ananena akuluakulu kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sanatchule kuti kalumoko kamayambira kumeta mwini nyumba.

Anatsegula mawindo onse n'kubwerera pabalaza. Tiyi asanazizire m'makapu a pulasitiki, mwana anakasuzumira n'kubwera akugwedeza mutu: fungo linali kutha, kungotsala lomwe linalowerera m'mathaulo. Mpongozi anawonjezera kuti kuthiramo jagi ya madzi kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo ngati chipinda chikhala nthawi yaitali chotseka, supuni ya mafuta ophikira pamwamba pa madziwo imachedwetsa kuuma. Mayi anagwedeza mutu. Manyazi analipo, koma chimwemwe chinali kuwaposa. Fungo lapita, mpongozi sanathawe, bedi layalidwa. Lero mwana agona pakhomo.

Mpongoziyo akanangokhala chete pamenepo. Koma aphunzitsi sasiya funso lili lopanda yankho.

"Chondidabwitsa n'chimodzi. Mwati chipindachi chatha chaka chisanagwiritsidwe ntchito? Chikanayamba kununkha kalekale. Pali wina ankathiramo madzi."

A Dalaivala anayang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

"Abambo?" anatero mwana.

"Ndinkangothandiza paipi," anatero a Dalaivala. "Osadziwa."

Nkhani yonse inatuluka, ya nyimbo, ya malaya opukutira, ya kiyi wa m'khosi. Mpongozi anaseka mpaka misozi, kenaka anaona nkhope ya mwamuna wake n'kusiya. Mwanayo ankayang'ana bondo lotupa la bambo ake, ndodo ya tsache, ndi ndowa yophwanyika yomwe inali ikadali pakhomo la chipinda.

"Ndiye abambo anagwera kuseri kuja, shawa ili muno yokiya?"

"Ndinamangira inu," anatero mayi. "Kuti mudzigona pakhomo ngati ana a anzanga. Kuti mkazi wakoyu asavutike ndi ndowa."

"Amayi, ine kwathu ndinakulira ndowa," anatero mpongozi motsitsa mawu.

"Ndowa sinatithamangitsepo," anatero mwana. Sanakweze mawu, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakweza. "Ku loji kuja munthu ukakhala pampando palibe amene amayang'ana ngati wakhwinyata nsalu. Thaulo umalinyowetsa. Ine muno ndimaopa kukhudza chinthu, amayi. Ndinayamba kuopa ndili mwana, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti changa n'chiti."



Mwana anadzuka n'kulowa kuchipinda cha makolo ake. Anatuluka atanyamula pilo wa bambo ake, mankhwala opaka pabondo, wailesi ndi chithaulo chakale chija, n'kukaziika pabedi la alendo. Kiyi anamuchotsa pachingwe n'kumupereka m'dzanja la a Dalaivala.

"Muzisamba tsiku lililonse, abambo. Mwamva aphunzitsi, paipi imafuna madzi."

"Nanga inu mugona pati?" anafunsa mayi, ngakhale yankho analimva kale likulira m'thumba la mwanayo.

"Tibwera m'mawa kudzatsanzika."

Mayi anaperekeza galimoto mpaka pageti. Woyandikana nawo uja anali pampanda, akuthirira maluwa omwe sankafuna madzi.

M'mawa mwake mayi anadzuka molawirira. Anatsegula kabati ya pabalaza, yomwe chitseko chake chinalira posazolowera, n'kutulutsa makapu a maluwa. M'kapu ina munali kangaude wouma. Anawatsuka onse, anawapukuta, n'kuwandandalika patebulo ndi timbale take. Kuchipinda chatsopano madzi anali kuwaza, ndipo a Dalaivala, atakhala pampando wa pulasitiki pansi pa shawa, ankaimba nyimbo yomwe ija, tsopano mosaopa munthu.

Galimoto inaima panja. Mayi anamva mapazi pakhonde, kenaka kugogoda.

"Odi!"

Anali mawu a mwana wawo, pakhomo la nyumba yomwe anabadwiramo. Mayi anazindikira kuti wakhala akuodira chonchi kwa zaka zambiri, ndipo iwo ankangoti ndi ulemu. Analowa ndi mkazi wake, n'kuima mpaka atauzidwa kuti akhale. Anakhala m'mphepete mwa sofa, manja pamaondo, pulasitiki ikulira pansi pake.

Mayi anabwera ndi thireyi. Anaika kapu ya maluwa patsogolo pa mwana wawo n'kunyamula tipoti.

Mwanayo anayang'ana kapuyo, n'kuika dzanja pamwamba pake.

"Musavutike, amayi," anatero mwaulemu. "Tamwa kale."